Mmene mungawerengere chithunzi cha zotsatira za ku labu ndi kuzindikira manambala amene atuluka m'malire

Ndimagwira ntchito yoyeza magazi mu labu, ndipo chifukwa cha ntchito imeneyi sabata siitha ndisanalandire chithunzi cha zotsatira pa foni, chochokera kwa achibale, anzanga a kutchalitchi ngakhalenso anthu amene angopatsidwa nambala yanga ndi wina. Funso limakhala limodzi: "Tandionerani, zili bwino izi?" Ndayankha funsoli kambirimbiri, choncho ndaganiza zolemba njira yonse imene ndimatsata, kuti inunso muzitha kuona nokha manambala amene atuluka m'malire olembedwa papepalalo ndi kuwalemba bwino musanakaonane ndi dokotala. Ntchito imene ndikufotokoza pano ndi yozindikira ndi kuika chizindikiro pa nambala imene yatuluka m'malire. Kunena dzina la matenda ndi ntchito ya dokotala amene wamuona wodwalayo ndi kumufunsa mmene akumvera m'thupi.

Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Ndi zotsatira za mayi wa zaka 34, wosayembekezera, amene anadandaula za kufooka ndi chizungulire, ndipo ananditumizira chithunzi chimene, nditachikopera, chinali chotere:

```
Age: 34   Sex: M
Test    Result  Unit      Reference Range
WBC     3.8     10^3/uL   4.0 - 10.0
LYM%    42      %         20 - 40
LYM#    1.6     10^3/uL   1.0 - 3.0
HGB     9.4     g/dL      13.0 - 17.0
MCV     71      fL        80 - 100
PLT     462     10^3/uL   150 - 450
CREA    0.9     mg/dL     0.6 - 1.3
GLU     6.9     mmol/L    3.9 - 5.5
```

1. Onetsetsani kuti chithunzicho ndi chathunthu ndipo ndi cha munthu woyenera

Musanayang'ane nambala iliyonse, onani mbali zonse zinayi za chithunzicho. Anthu ambiri pojambula amayandikiza foni pa manambala a zotsatira okha, nadula mbali ya kumanja kumene kumakhala malire, kapena mbali ya pamwamba pamene pamakhala zaka, tsiku ndi chizindikiro chosonyeza ngati munthuyo ndi wamwamuna kapena wamkazi. Chithunzi chopanda malire musachiwerenge n'komwe, ndipo musayese kufunafuna malire kwina kuti mukwaniritse chimene chasowacho. Pemphani kuti ajambulenso pepala lonse, ataliyala pa tebulo, pamalo owala, foni ili molunjika pamwamba pake osati chopendekeka. Ngati zotsatirazo anazilandira ngati fayilo, atumize fayiloyo, chifukwa chithunzi chimene chadutsa m'mafoni angapo chimafika chitazilala, ndipo kadontho kapakati pa manambala ndi kamene kamayamba kusowa.

Onaninso tsiku. Mapepala ambiri amakhala ndi masiku awiri, lina limene magazi anatengedwa ndi lina limene pepalalo linasindikizidwa, ndipo lofunika ndi loyambalo. Mapepala ena amaika zotsatira za maulendo angapo moyandikana, za lero ndi za miyezi yapita, kotero muyenera kutsimikiza kuti mukuwerenga ndandanda ya tsiku limene mukufuna.

Ngati ndinu amene mukutumiza chithunzicho kwa munthu wina, phimbani dzina ndi nambala ya wodwalayo, koma siyani zaka ndi chizindikiro cha mwamuna kapena mkazi. Zotsatira za kuchipatala ndi chinsinsi cha mwini wake, ndipo si zoponya m'gulu la abale popanda iye kuvomera.

2. Dziwani ndandanda zinayi za papepalalo

Pafupifupi pepala lililonse la ku labu lili ndi ndandanda zinayi zotsika pansi. Yoyamba ndi dzina la chimene chayezedwa, ndipo pamwamba pake pamalembedwa Test kapena Parameter. Yachiwiri ndi nambala imene makina apeza m'magazi a munthuyo, Result. Yachitatu ndi muyeso umene nambalayo yawerengedwera, Unit. Yachinayi ndi malire, amene amalembedwa Reference Range, Normal Range kapena Ref. Interval, ndipo amakhala manambala awiri, lapansi ndi lapamwamba. Makina ambiri amawonjezera ndandanda yachisanu ya zizindikiro: H kapena muvi wolozera kumwamba kutanthauza kuti nambala yapitirira malire, L kapena muvi wolozera pansi kutanthauza kuti yatsika, ndipo HH, LL kapena mawu akuti Critical amasonyeza kuti yapita kutali mofunika chithandizo chamsanga.

Zizindikiro zimenezi ndi zothandiza, koma musadalire izo zokha. Pachithunzi cha mayi uja zinalipo papepala, koma zinadulidwa pojambula. M'zipatala zambiri zotsatira zimakoperedwa pamanja kuchoka pa makina kupita pa fomu kapena m'buku la kuchipatala, ndipo wokopera sakopera zizindikirozo. Kapepala kakang'ono kotuluka m'makina nako kamazilala kakakhala m'thumba kapena padzuwa. Kusowa kwa H kapena L sikutanthauza kuti zonse zili m'malire.

Mayina ofupikitsidwa amene mudzakumana nawo kawirikawiri ndi awa. HGB kapena Hb ndi himogulobini, chimene anthu amatanthauza akamati magazi achepa. WBC ndi maselo oyera, amene ambiri timawatcha asilikali a m'thupi, ndipo LYM ndi NEUT ndi mitundu iwiri ya maselo amenewa. MCV ndi kukula kwa maselo ofiira. PLT ndi mapulateleti, amene amathandiza magazi kuundana munthu akavulala. CREA ndi kiriyatinini, amene amasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, ndipo GLU ndi shuga.

3. Koperani mzere uliwonse papepala lanu, umodziumodzi

Ichi anthu amachiona ngati kutaya nthawi, koma ndi chimene chimateteza ku cholakwa chofala kwambiri, chowerenga nambala ya mzere wina ndi malire a mzere wina. Chithunzi chikapendekeka pang'ono, mzere umene wayambira kumanzere umafika kumanja utakwera kapena utatsika, ndipo mukakulitsa chithunzi ndi zala kuti muone bwino, dzina la chimene chayezedwa limachoka pa sikilini, mumatsala ndi manambala okhaokha. Ine ndemwe ndinalakwitsapo motere. Ndinawerenga MCV ya mnyamata wina ndi malire a mzere wa pansi pake, a MCH, amene amakhala cha m'ma 27 mpaka 32, ndipo ndinatsala pang'ono kumuuza kuti nambala yake ya 88 yakwera kwambiri pamene inali pakati penipeni pa malire ake. Kuyambira tsiku limenelo ndimatenga cholembera n'kukopera dzina, nambala, muyeso ndi malire a mzere umodzi ndisanapite pa wotsatira.

Pokopera samalani ndi kadontho. Nambala ya 9.4 ndi 94 zimasiyana ndi kadontho kamodzi kamene pachithunzi chozilala kamaoneka ngati kachitsotso. Ngati simukukaona bwino, yang'anani malire a mzere womwewo: malire akakhala 13.0 mpaka 17.0, zotsatira zake zimalembedwanso ndi nambala imodzi kuseri kwa kadontho. Zotsatira zochokera ku South Africa kapena ku Mozambique nthawi zina zimalembedwa ndi mpatuliro m'malo mwa kadontho, kotero 9,4 ndi chimodzimodzi 9.4, ndipo musaiwerenge ngati manambala awiri.

4. Tsimikizani kuti nambala ndi malire zili m'muyeso umodzi

Apa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino, amasokonekera, choncho ndikhalitsapo.

Nambala ya ku labu payokha ilibe tanthauzo. Zili ngati munthu atakuuzani kuti wakolola chimanga 40 osanena ngati ndi matumba, ndowa kapena ngolo. Malabu osiyana amawerengera chinthu chimodzimodzi m'miyeso yosiyana, malinga ndi makina ndi mankhwala amene amagwiritsa ntchito, ndipo n'chifukwa chake lamulo lalikulu ndi lakuti nambala iyerekezedwe ndi malire olembedwa papepala lomwelo, osati malire a pepala lakale, a chipatala china kapena amene mwawapeza pa intaneti.

Mayi uja anachita mantha ndi mzere wa CREA, osati wa HGB umene unali ndi vuto lenileni. Chaka chapitacho anayezetsa ali ku Joni, ndipo pepala la kumeneko linali ndi kiriyatinini wa 78. Ataona 0.9 papepala latsopanoli anaganiza kuti impso zake zaleka kugwira ntchito. Chimene chinasintha ndi muyeso chabe. Pepala loyamba linali mu umol/L, lachiwirili lili mu mg/dL, ndipo kuti muchoke pa mg/dL kupita pa umol/L mumachulukitsa ndi 88.4. Mukachulukitsa 0.9 ndi 88.4 mupeza pafupifupi 80, kutanthauza kuti manambala awiriwa akunena chinthu chimodzi, ndipo impso zake sizinasinthe.

Pali miyeso ina iwiri imene imasokoneza mofananamo. Himogulobini amalembedwa mu g/dL kapena mu g/L, ndipo kusiyana kwake ndi kakhumi: 9.4 g/dL ndi 94 g/L. Achibale amene ali ku Britain amatumiza mapepala olembedwa mu g/L, ndipo wina akaona 94 amasangalala poganiza kuti magazi ndi ochuluka, pamene malire a pepala lomwelo akuyambira cha m'ma 115 kapena 120. Shuga amalembedwa mu mmol/L kapena mu mg/dL, ndipo mumachulukitsa ndi 18: shuga wa 7.0 mmol/L ndi 126 mg/dL. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene ali ndi kamakina koyezera shuga kunyumba, chifukwa kamakinako kakhoza kukhala mu muyeso wina ndipo labu mu muyeso wina. Nambala ya 20 mu mmol/L ndi shuga wokwera moopsa, pamene 20 mu mg/dL ndi shuga wotsika moopsa, ndipo chithandizo cha ziwirizi n'chotsutsana. Ngati muyeso sukuoneka pachithunzi, musaganizire, funsani.

Pali miyeso ina imene imaoneka yosiyana koma ndi yofanana. Pa WBC ndi PLT mudzaona 10^3/uL papepala lina ndi 10^9/L pa lina, ndipo nambala yake siisintha: 3.8 ndi 3.8 ponseponse. Chimene chimachitika ndi chakuti wolemba pamanja nthawi zina amalemba nambala yonse, 3800, pamene malire osindikizidwa pa fomuyo ndi 4.0 mpaka 10.0. Mukaona nambala imene yaposa malire kakhumi, ka 100 kapena ka 1000 ndendende, yambani mwakayikira muyeso musanakayikire thupi la munthuyo.

Sindikukulimbikitsani kuti muzisintha miyeso nthawi zonse. Ngati nambala ndi malire zili pamzere umodzi wa pepala limodzi losindikizidwa ndi makina, zili kale m'muyeso umodzi, ndipo palibe chosintha. Kusintha kumafunika pokhapokha mukuyerekeza mapepala awiri, kapena pamene wina walemba nambala pamanja pa fomu imene malire ake anasindikizidwa kalekale makina asanasinthidwe.

5. Onani ngati malire olembedwawo ndi a munthu ameneyu

Ili ndi gawo limene ambiri ofotokoza nkhaniyi amalidumpha. Malire amene makina amasindikiza amadalira zimene wina analowetsa polembetsa wodwalayo. Yang'ananinso pamwamba pa chitsanzo chathu: palembedwa Sex: M, pamene mwini zotsatirazi ndi mayi. Wolembetsa analakwitsa batani limodzi, kapena makina anangotenga zimene anaikidwiratu, ndipo malire a HGB amene anatuluka, 13.0 mpaka 17.0, ndi a mwamuna. Malire a mkazi wosayembekezera amayambira pa 12.0. Kwa mayi ameneyu cholakwacho sichinasinthe yankho, popeza 9.4 ndi yotsika pa malire onse awiri, koma mayi wina wa himogulobini wa 12.4 akanaikiridwa L popanda chifukwa. Kutembenuza kwake n'koopsa kwambiri: bambo wa 12.4 wolembedwa ngati mkazi sangaikiridwe chizindikiro chilichonse, pamene magazi ake achepadi ndipo pafunika kufufuza chifukwa chake.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse limawerengera kuchepa kwa magazi kuyambira pansi pa 13 g/dL kwa amuna, pansi pa 12 kwa akazi osayembekezera, ndi pansi pa 11 kwa amayi oyembekezera m'miyezi yoyambirira ndi yomalizira ya mimba. Makina sadziwa kuti mayi ndi woyembekezera ngati sanauzidwe, ndipo ambiri alibe n'komwe malire apadera a amayi oyembekezera. Ana nawonso ali ndi malire awo amene amasintha ndi zaka. Mwana wakhanda amabadwa ndi himogulobini wochuluka kuposa wa munthu wamkulu, ndipo ana aang'ono amakhala ndi LYM yochuluka mwachibadwa. Pepala la mwana limene zaka zake sizinalowetsedwe limatuluka ndi malire a akuluakulu, lodzaza ndi H ndi L zopanda tanthauzo, ndipo limeneli lisiyireni dokotala wa ana kapena bwererani nalo ku labu akalikonze.

Mzere wa GLU uli ndi msampha wina. Malire a 3.9 mpaka 5.5 mmol/L ndi a munthu amene wakhala maola 8 osadya kanthu kupatula madzi. Nditamufunsa mayi uja anati anadya phala lothira shuga ndi kumwa tiyi asananyamuke kunyumba, ndipo magazi anatengedwa patatha ola limodzi ndi theka. Nambala yake ya 6.9 yapitirira malire olembedwa, ndipo ndinaiikira chizindikiro, koma pambali pake ndinalemba kuti anayezedwa atadya, chifukwa kwa munthu amene wangodya kumene nambala imeneyi si yodabwitsa. Akanakhala kuti sanadye, 6.9 ikanakhala pafupi kwambiri ndi 7.0, pamene madokotala amayambira kuganizira matenda a shuga.

Mukapeza kuti malire ndi olakwika, musawafufute n'kulemba anu. Ikani chizindikiro motsatira malire olembedwawo, kenaka lembani pambali chimene mwaona, monga "alembedwa ngati mwamuna" kapena "anali atadya".

6. Yerekezani, ndipo lembani kutalika kwa mtunda umene nambala yatulukira

Tsopano pa mzere uliwonse funsani mafunso awiri: kodi nambalayi ndi yochepera malire apansi, kapena yoposa malire apamwamba? Ikakhala yochepera lembani L, ikakhala yoposa lembani H. Nambala imene yagwera pa malire penipeni, monga 4.0 pa malire a 4.0 mpaka 10.0, malabu ambiri amaiwerengera kuti ili mkati.

Malire ena ali ndi mbali imodzi yokha. Chizindikiro cha < chimatanthauza kuti nambala iyenera kukhala yochepera pamenepo, monga ALT ya chiwindi imene malire ake angalembedwe < 40. Chizindikiro cha > chimatanthauza kuti iyenera kuposa pamenepo, monga eGFR ya impso imene ingalembedwe > 60, ndipo pa mzere wotere nambala yotsika ndiyo yoikira chizindikiro. Zizindikiro zomwezi zikakhala m'ndandanda ya zotsatira osati ya malire zimatanthauza kuti makina afika pamapeto a zimene angathe kuwerenga. Amene amamwa ma ARV amadziwa zotsatira za kuchuluka kwa kachilombo zolembedwa LDL kapena Target Not Detected, kutanthauza kuti kachilombo kachepa mpaka makina sakukapeza, zimene zili zotsatira zabwino. LDL imeneyi musaisokoneze ndi LDL ya pa pepala la mafuta a m'magazi, imene ndi mtundu wa kolesitero.

Pachitsanzo chathu mizere isanu ndi umodzi mwa isanu ndi itatu yatuluka m'malire: WBC yatsika, LYM% yakwera, HGB yatsika, MCV yatsika, PLT yakwera, ndipo GLU yakwera. Munthu woona zizindikiro zisanu ndi chimodzi akhoza kutaya mtima, koma sizilemera mofanana. WBC ya 3.8 yaphonya malire ndi 0.2 yokha. PLT ya 462 yapitirira 450 ndi 12, pa malire otambalala 300. HGB ya 9.4 yatsika ndi 2.6 pansi pa malire a mkazi, pamene malire onsewo ndi otambalala pafupifupi 3 kapena 4, ndipo kumeneku n'kutuluka kwenikweni. Njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi yoyerekeza mtunda umene nambala yatulukira ndi kutambalala kwa malire ake, osati kukula kwa nambalayo payokha.

Mzere wa LYM% ukufunika mawu apadera. Mitundu ya maselo oyera imalembedwa kawiri, mu peresenti ndi mu chiwerengero chenicheni, chimene chimakhala ndi chizindikiro cha # kapena mawu akuti Abs. Peresenti imangonena gawo la mtundu umenewo pa maselo oyera onse, kotero imakwera mtundu wina ukatsika, ngakhale iwo weniweni usanasinthe. Mukatenga 42 pa 100 iliyonse ya 3.8 mupeza 1.6, ndipo imeneyi ndiyo LYM# imene ili bwinobwino pakati pa 1.0 ndi 3.0. Peresenti ikatuluka m'malire koma chiwerengero chenicheni chili mkati, madokotala amatsatira chiwerengerocho.

N'kofunikanso kudziwa mmene malire amapezekera. Labu kapena opanga makina amayeza gulu la anthu athanzi, n'kutenga manambala a anthu 95 pa 100 alionse amene ali pakati. Ndiye kuti munthu mmodzi mwa anthu 20 athanzi amagwera kunja kwa malire pa mzere uliwonse, ndipo pepala likakhala ndi mizere 20, mwayi woti munthu wathanzi apezeke ndi chizindikiro chimodzi kapena kuposerapo ndi woposa theka. Kuwonjezera apo, malire ambiri amene amabwera ndi makina anapangidwa poyeza anthu a ku Ulaya ndi ku America, pamene anthu ambiri athanzi a mu Africa muno amakhala ndi NEUT ndi WBC zotsikirapo mwachibadwa. WBC ya 3.8 mwa munthu wa kuno si yachilendo. Ikani chizindikiro ndithu, popeza yatuluka m'malire olembedwa, koma isakusowetseni tulo payokha. Kumbali inayi, kukhala mkati mwa malire si umboni wakuti zonse zili bwino: kiriyatinini amene wachoka pa 0.6 kufika pa 1.2 m'miyezi yochepa wawirikiza kawiri ngakhale sanadutse malire, ndipo dokotala ayenera kuonetsedwa mapepala onse awiri.

7. Siyanitsani zodikira tsiku la kuchipatala ndi zofunika lero lomwe

Labu iliyonse ili ndi manambala ake amene ikawapeza imaimbira dokotala nthawi yomweyo, ndipo amasiyana pang'ono malo ndi malo. Amene ine ndimauza munthu wamkulu kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo ndi awa: himogulobini wochepera 7 g/dL, mapulateleti ochepera 50, potaziyamu, mchere wa m'magazi umene umalembedwa K, woposa 6.0 kapena wochepera 3.0 mmol/L, shuga wochepera 3.0 kapena woposa 20 mmol/L, ndi mzere uliwonse umene uli ndi HH, LL kapena Critical. Koma mmene munthuyo alili ndi pofunika kuposa nambala. Wina amene akupuma movutikira, akutaya magazi, wasokonezeka mutu, wakomoka kapena watentha thupi kwambiri apite msanga ngakhale pepala litaoneka labwino, ndipo mayi woyembekezera kapena mwana asadikire kuti nambala ifike pamene ndatchulapa.

Nthawi zina nambala yoopsa imachokera ku magazi amene anawonongeka asanayezedwe. Maselo ofiira akasweka potenga magazi kapena botolo likachedwa kufika ku labu, potaziyamu amatuluka wokwera monyenga, ndipo labu imalemba Haemolysed m'munsi mwa pepala. Mapulateleti akamatirirana m'botolo makina amawawerenga ochepa, ndipo pamalembedwa Platelet clumps. N'chifukwa chake m'munsi mwa pepala simuyenera kudulidwa pojambula. Komabe mawu amenewa si chilolezo chonyalanyaza nambalayo. Amatanthauza kuti magazi atengedwenso, ndipo ngati ndi potaziyamu atengedwenso tsiku lomwelo.

8. Lembani zimene mwapeza m'njira yoti dokotala aziwerenge mosavuta

Yambani ndi zimene zatuluka kwambiri, ndipo pa chilichonse lembani nambala, muyeso, malire olembedwa ndi chimene mwaona pambali. Kwa mayi uja ndinalemba uthenga uwu:

"Mayi, ndaona pepala lanu. Chachikulu ndi himogulobini, amene ali 9.4 g/dL. Malire olembedwa ndi 13.0 mpaka 17.0, koma ndi a amuna chifukwa anakulembani molakwika. A akazi amayambira pa 12.0, ndipo nambala yanu ili pansi pa onse awiri. MCV ili 71 pa malire a 80 mpaka 100, kutanthauza kuti maselo ofiira ndi aang'ono. WBC ndi PLT zatuluka pang'ono kwambiri. Shuga wa 6.9 wapitirira malire a munthu wosadya, koma inu munali mutadya, choncho muwauze adokotala zimenezi. Impso zili m'malire, ndipo nambala yake ikufanana ndi ya chaka chatha. Pitani kuchipatala sabata yomweyi ndi mapepala onse awiri, ndipo mukayamba kupuma movutikira, kugunda mtima kwambiri kapena kutaya magazi, musadikire."

Mudzaona kuti sindinatchule dzina la matenda. Himogulobini wotsika pamodzi ndi maselo aang'ono ndi mapulateleti okwererapo kawirikawiri zimalozera ku kuchepa kwa ayironi m'thupi, ndipo ndinkaganiza choncho, koma pepala silinena chifukwa chake ayironiyo wachepa. Kukhoza kukhala kusamba kochuluka, njoka za m'mimba, likodzo, zilonda za m'mimba kapena chakudya, ndipo pali anthu ena obadwa ndi maselo ofiira aang'ono amene mankhwala owonjezera magazi sawathandiza. Ndikanamuuza kuti angogula mapiritsi a ayironi, nambala ikanatha kukwera kwa kanthawi pamene gwero la vutolo likupitirira. Ndinamuuzanso kuti akafika ku labu kuja apemphe kuti akonze chizindikiro cha M chija m'kaundula wawo, chifukwa chikasiyidwa, pepala lililonse limene adzalandire kumeneko lidzatuluka ndi malire a mwamuna.